Imelo ya pambuyo pa msonkhano: ndani achita chiyani, pofika liti

Chaka china, ku bungwe lina limene ndinkagwirako ntchito ku Lilongwe, tinakhala pansi anthu asanu ndi awiri kukonzekera maphunziro a alimi. Titafika pa nkhani ya holo, aliyense anagwedeza mutu n'kuti, "Eya, imeneyo tisungitsiretu." Mlembi ndinali ine, ndipo ndinalemba kuti "holo isungitsidwe msanga". Kutangotsala masiku awiri tinamva kuti holoyo atenga anthu ena. Akauntanti ankayesa kuti asungitsa ndi mlangizi wathu wa kuboma, mlangiziyo ankadikira ndalama kuchokera kwa akauntanti, abwana ankadziwa kuti zinatheka kalekale. Palibe ananama ndipo palibe anachita ulesi. Vuto linali m'chiganizo changa: mawu oti "isungitsidwe" alibe munthu mkati mwake, ndipo "msanga" si tsiku la pa kalendala.

Kuyambira pamenepo imelo yotumiza msonkhano ukatha ndimailemba motsatira njira ili m'munsiyi. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: msonkhano wa Lachiwiri pa 7 Okutobala 2025, wokonzekera maphunziro a alimi a soya 40 ku Mchinji pa 28 ndi 29 Okutobala. Mayina ndi ongopeka.

Choyamba: yambani msonkhano usanathe

Imelo imeneyi siyambira pa laputopu. Mukafika pa desiki mulibe mayina ndi masiku m'kope, mudzayamba kupeka, ndipo zopeka mlembi anthu amazikana. Tengani tsamba limodzi la kope, muligawe patatu: ntchito, dzina, tsiku. Zokambirana zina zonse lembani pa masamba ena. Tsamba ili ndi la malonjezo okha.

Tcherani khutu ku mawu ngati "tiona", "zichitika", "tikambirana", "wina athandizepo", "posachedwapa". Mukamva amenewa, lembani ntchitoyo koma malo a dzina ndi tsiku musiye opanda kanthu. Ndiye wapampando asanaitane munthu wotseka ndi pemphero, kwezani mkono: "Pepani a wapampando, ndiwerengeko zimene ndalemba kuti mundikonze ngati ndaphonya." Werengani mzere ndi mzere. Pamene pali mpata funsani mosazungulira: "Za makotesheni a holo, ndilembe dzina la ndani? Ndipo tiyembekezere tsiku liti?" Kawirikawiri pamakhala kachete pang'ono, anthu n'kuyang'anana, kenako wina amati, "Lembani ine." Kachete kameneko musakaope ndipo musakadzaze ndi mawu anu. Munthu amene wadzitchula yekha pamaso pa anzake sadzabwera n'kumati mlembi anam'kakamiza.

Zimenezi zimatenga mphindi zisanu. Anthu amakhala atatopa, ena aimirira kale, koma limbani mtima.

Chachiwiri: patulani zolemba zanu patatu

Mukabwerera pa desiki, patulani zimene munagwirizana, ntchito zimene anthu atenga, ndi nkhani zimene sizinathe. Zotsalazo, monga kuti a Banda anatsutsa ndipo a Gondwe anayankha chakuti, ndi za m'maminitsi. Maminitsi amasunga mbiri ndipo amadikira kuvomerezedwa pa msonkhano wotsatira, mwina patapita mwezi. Imelo iyi ndi ya munthu amene akuiwerenga pa foni ali m'minibasi, akufuna aone dzina lake ndi tsiku lake basi. Mukaikamo mikangano ya mumsonkhano, mayankho amene mudzalandire adzakhala opitiriza mkanganowo.

Chachitatu: mzere uliwonse ukhale ndi dzina limodzi, chinthu chooneka ndi tsiku

Apa ndiye pagona nkhani, choncho ndichedwapo.

Dzina likhale limodzi. Osati "a zachuma", osati "komiti", osati "a Banda ndi a Gondwe". Mukalemba anthu awiri, aliyense amaganiza kuti mnzake wayamba kale. Ngati ntchito ikufunadi anthu awiri, lembani mwini wake mmodzi, winayo mum'tchule ngati wothandiza: "A Banda, mothandizidwa ndi a Gondwe." Tsiku likafika mukudziwa foni yoimba. Ngati mwaona kuti anthu awiriwo akuchita zinthu zosiyana, mmodzi akufuna makotesheni wina akulipira, ndiye kuti ndi ntchito ziwiri, ipatseni iliyonse mzere wake. Ndipo dzinalo liziyamba mzere, kuti maso a mwini wake agwere pomwepo.

Ntchito ikhale yoti itatha, munthu angathe kuloza kuti iyi. "Kuona za holo" sikutha. Munthu akhoza kudutsa pa holopo pa njinga n'kunena kuti waona. "Kulondoloza za ndalama" n'chimodzimodzi. Dzifunseni kuti ntchitoyi ikatha chidzakhale m'manja mwa ndani n'chiyani. Yankho lake ndilo mulembe: "kutumiza kwa a Banda makotesheni atatu a holo ndi chakudya, anthu 40, masiku awiri". Mmenemo muli chiwerengero, muli wolandira, ndipo a Gondwe sangabwere ndi kotesheni imodzi ya anthu 25 n'kumati amaliza. Pewani aneni obisa munthu, onga "zigulidwe", "atumizidwe", "ikonzedwe". Chichewa chathu chimawakonda chifukwa ndi aulemu, saloza munthu chala, koma ndi amene anatidyera holo ija.

Tsiku lilembedwe lonse: dzina la tsiku, deti ndi mwezi m'mawu. "Sabata yamawa" kwa wina ndi Lolemba, kwa wina ndi Lachisanu madzulo, ndipo amene watsegula imeloyo patapita masiku anayi amawerengera kuyambira tsiku limene waiwerenga. Manambala okha nawonso amasokoneza: 10/11 kwa ife ndi 10 Novembala, koma kwa mnzathu wa ku America ndi 11 Okutobala. Kulemba "Lachiwiri, 14 Okutobala" kulinso ndi ubwino wina: mukalakwitsa deti, dzina la tsiku limakugwirani, chifukwa wina adzaona kuti ziwirizo sizikugwirizana.

Musanalembe tsiku lililonse, tsegulani kalendala. Pa msonkhano wathu a Gondwe anati makotesheni abweretsa "Lachitatu la sabata yamawa". Lachitatu limenelo ndi 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, ndipo maofesi amakhala otseka. Masiku ngati 15 Januwale, 3 Malichi, 14 Meyi ndi 6 Julayi amachitanso zomwezo. Mukapeza zotere musasinthe mwakachetechete. Imbani foni: "A Gondwe, Lachitatu lija ndi holide, tiike Lachiwiri kapena Lachinayi?"

Kuti mudziwe yankho loyenera, werengani chobwerera kuchokera pa tsiku la chochitikacho. Eni holo akufuna ndalama pofika Lachisanu pa 24 Okutobala. Ku ofesi ya zachuma ndalama zimatuluka patatha masiku asanu ogwira ntchito abwana atasayina, ndiye siginecha ikufunika pofika Lachisanu pa 17. Kuti asayine pa 17, bajeti iwapeze Lachinayi pa 16. A Banda sangamalize bajeti opanda makotesheni, ndipo pa 15 ndi holide. Choncho makotesheni ndi a Lachiwiri pa 14, osati Lachinayi. Tikanalola Lachinayi, masiku onse akanasuntha, ndalama n'kutuluka holo itapita. Ntchito zodalirana chonchi zilembeni motsatana ndi masiku ake, osati motsatira ajenda, kuti aliyense aone amene akumudikira.

Ola liikeni pokhapo pamene likufunika. "Pofika Lachiwiri" anthu ambiri amamva kuti Lachiwiri poweruka. Ngati a Banda akufuna kugwira ntchitoyo masana omwewo, lembani "isanakwane 12 koloko masana". Ngati pali wina wa kunja, nenani kuti ndi nthawi ya ku Malawi. Ku Joni, ku Zambia ndi ku Zimbabwe nthawi ndi yofanana ndi yathu, koma ku Britain amasintha mawotchi: mpaka pa 25 Okutobala 2025 anali kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, kuyambira pa 26 ndi maola awiri.

Chachinayi: abwana ndi amene kunalibe

Alembi ambiri, makamaka achinyamata, amafika pa dzina la abwana n'kufewa. Ena onse ali ndi masiku, koma pa mzere wa abwana pangolembedwa kuti "bajeti idzasayinidwa". Komatu siginecha ya abwana ndi imene nthawi zambiri imaimitsa zonse. Njira yake ndi kulemba ngati mukubwereza mawu awo, osati ngati mukuwatuma: "Mayi Phiri anati asayina bajeti pofika Lachisanu, 17 Okutobala." Ulemu ulipo, tsiku liliponso. Ngati sanatchule tsiku, gogodani pa ofesi yawo musanatumize: "Mayi, pa za kusayina ndiike tsiku liti kuti a Banda adziwe powerengera?" Sindinaonepo bwana wokwiya ndi funso limeneli.

Amene kunalibe ndiye amasenzetsedwa katundu, poti sangakane. Pa msonkhano wathu mndandanda wa alimi unaperekedwa kwa mayi Mwale, mlangizi wa ku Mchinji, iwo ali kumunda. Munthu asamve koyamba za ntchito yake mu imelo imene anzake onse akuwerenga. Muimbireni kaye, mumufotokozere, mumve ngati tsikulo angalikwanitse. Mayi Mwale anati Lachisanu sizitheka chifukwa makalabu awiri amakumana Loweruka, tinagwirizana Lolemba pa 20. Mukalephera kuwapeza, lembani poyera kuti "sitinalankhule nawo, tsiku lidzatsimikizidwa", ndipo ntchito yowaimbira ikhale mzere wanu, wokhala ndi tsiku lake.

Chachisanu: olandira ndi mutu

Pa `To` ikani onse amene ali ndi ntchito. Pa `Cc` ikani ongofunika kudziwa. Anthu ambiri akaona kuti ali pa `Cc` amati adzawerenga akapeza mpata, choncho mwini ntchito asakhale pamenepo. `Bcc` isiyeni. Kubisa bwana wamkulu pamenepo kuti aone amene akuchedwa kumaululika tsiku limene iye adzadina `Reply all`, ndipo anzanu sadzakukhulupiriraninso.

Pa `Subject` musalembe "Msonkhano" kapena "Moni". Lembani zoti munthu adzazipeze akamafufuza patapita milungu itatu: nkhani yake, mawu oti ntchito ndi masiku, ndi deti la msonkhano. Ngati kuitana kwa msonkhano kunabwera pa imelo, ena amangoyankha pomwepo. Ine ndimayamba imelo yatsopano, chifukwa mutu woyamba ndi `Re:` anthu amauyesa nkhani yakale.

Nayi imelo yathu yonse:

> `Subject:` Maphunziro a ku Mchinji: ntchito ndi masiku, msonkhano wa 7 Okutobala 2025
>
> Mayi Phiri, a Banda, a Gondwe, mayi Mwale,
>
> Zikomo chifukwa cha msonkhano wa lero. Nazi zimene ndalemba. Ngati pali cholakwika, chonde yankhani kwa tonse pofika mawa Lachitatu, 8 Okutobala, 4 koloko madzulo. Kupanda kutero tiyendera zimenezi.
>
> Tagwirizana kuti maphunziro achitika Lachiwiri ndi Lachitatu, 28 ndi 29 Okutobala, pa boma la Mchinji, ndipo alimi akhala 40.
>
> Ntchito:
>
> 1. A Gondwe: kutumiza kwa a Banda makotesheni atatu a holo ndi chakudya, anthu 40, masiku awiri. Lachiwiri, 14 Okutobala, isanakwane 12 koloko masana. Pa 15 ndi holide.
> 2. A Banda: kumaliza bajeti ndi kuipereka kwa mayi Phiri. Lachinayi, 16 Okutobala.
> 3. Mayi Phiri anati asayina bajeti pofika Lachisanu, 17 Okutobala.
> 4. Mayi Mwale: kunditumizira mayina a alimi 40 ndi manambala awo a foni. Lolemba, 20 Okutobala. Ndalankhula nawo pa foni, avomera.
> 5. Chisomo: kusindikiza mapepala ophunzirira 40 ndi kuwapereka kwa a Gondwe. Lachinayi, 23 Okutobala.
> 6. A Banda: kulipira holo ndi kutumiza lisiti kwa a Gondwe. Lachisanu, 24 Okutobala.
>
> Chimene sichinathe: kaya tipita pa galimoto ya ofesi kapena tichita hayala. Mayi Phiri anati agamula pofika Lolemba, 13 Okutobala, kuti zilowe mu bajeti.
>
> Tikumananso Lachiwiri, 21 Okutobala, 9 koloko m'mawa, ku ofesi.
>
> Ndine,
> Chisomo

Taonani zinthu zingapo. Mizere ili ndi manambala, kuti pa foni munthu azingoti "za nambala 4 zija" osafotokozanso. Mlembi naye ali ndi mzere wake. Mukadzisiya, imelo imaoneka ngati ya kapitawo. Nkhani yosatha nayonso ili ndi mwini ndi tsiku, chifukwa "tidzakambirananso" ndi manda a nkhani zambiri. Ndipo chiganizo choti "kupanda kutero tiyendera zimenezi" chimapatsa chete tanthauzo: amene sanayankhe wavomera.

Sindinaike tebulo dala. Pa kompyuta tebulo limaoneka bwino, koma pa foni limapanikizika, munthu n'kumakokera uku ndi uku kufuna tsiku lake. Sindinaikenso ntchitozi mu fayilo yomata. Amene bandulo yake yatsala pang'ono, kapena ali kumene netiweki imagwira pokwera pa chulu, fayilo satsegula. Maminitsi athunthu mukhoza kumata, koma mayina ndi masiku akhale m'thupi la imelo.

Chachisanu ndi chimodzi: werenganinso, tumizani lero lomwe

Musanadine `Send`, yendani ndi chala mzere uliwonse: dzina limodzi lilipo, chinthu chooneka chilipo, tsiku likugwirizana ndi kalendala. Kenako yerekezani mayina a m'mizere ndi a pa `To`. Onetsetsaninso maadiresi, chifukwa Gmail ndi Outlook zimakumalizirani dzina mukangoyamba kulemba, ndipo a Banda m'foni mwanu sangakhale amodzi. Bajeti ya ofesi ikhoza kupita kwa a Banda a kutchalitchi. Mu Gmail muli `Undo Send`, imene mungaiike mpaka masekondi 30 mu `Settings`. Ikani pamenepo, idzakupulumutsani tsiku lina.

Ngati kwanuko wapampando amafuna kuona kaye, mutumizireni yekha ndi mawu oti, "Mayi, ndikufuna kutumiza isanakwane 4 koloko, muoneko." Musasiye poti "mukaona mundiuze", mudzadikira mpaka Lachisanu.

Tumizani tsiku lomwelo, mukachedwa m'mawa mwake. Pakapita masiku atatu aliyense amakhala atayamba kukumbukira msonkhano wakewake, ndipo mwachibadwa amakumbukira tsiku lomukomera. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Msonkhano ukatha usiku, lembani pomwepo mutu udakali ndi zonse, n'kugwiritsa ntchito `Schedule send` kuti ifike 8 koloko m'mawa.

Tinene zoona, anzathu ambiri imelo amatsegula mwa apo ndi apo, koma WhatsApp ili m'manja tsiku lonse. Mukatumiza, lembani pa gulu kuti, "Ndatumiza imelo ya ntchito za ku Mchinji, muone mzere wanu." Kwa munthu ngati mayi Mwale, koperani mzere wawo wokha muwatumizire paokha. Koma zosintha zonse zizibwerera ku imelo. Pa gulu uthenga umakwiririka ndi moni wa m'mawa ndi mauthenga a maliro, ndipo pakatha sabata palibe angaupeze.

Chachisanu ndi chiwiri: zokonza ndi zokumbutsa

Wina akayankha kuti mwalakwitsa, musakangane naye pa imelo. Ngati ndi cholakwa chanu, thokozani, konzani, tumizaninso mndandanda wonse pa imelo yomweyo, pamwamba mutanena chimene chasintha. Kungoyankha kuti "chabwino a Banda, tasintha" kumasiya mindandanda iwiri, wina m'imelo wina m'mutu mwa anthu awiri. Koma ngati munthu akufuna kusintha zimene msonkhano unagamula, mwachitsanzo alimi akhale 60, zimenezo si za mlembi. Mupititseni kwa wapampando.

Kukumbutsa ndi ntchito yanu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kumbutsani tsiku lisanafike, osati litadutsa, ndipo kumbutsani munthuyo payekha. Lolemba pa 13 ndikanalembera a Gondwe kuti, "A Gondwe, makotesheni aja ndi mawa 12 koloko. Pali chovuta chimene ndingathandizepo?" Yankho lake limakuuzani zambiri. Akati "awiri ndapeza, wachitatu andipatsa mawa m'mawa", zili bwino. Akati "zikuyenda" kapena "tili mkati", osatchula nambala kapena dzina la malo, nthawi zambiri ndiye kuti sanayambe. Funsani modekha kuti apeza angati.

Tsiku likadutsa ntchito isanachitike, musathamangire kuika abwana pa `Cc`. Kuchita manyazi pagulu kumabala chidani, osati makotesheni. Imbani foni, gwirizanani tsiku latsopano, kenako onani mizere imene ikudalira pamenepo. Makotesheni akafika pa 16 m'malo mwa 14, bajeti ya a Banda isunthira pa 17, siginecha pa 20, ndipo ndalama zituluka pa 27, holo itafuna pa 24. Apa ndiye pofunika kuuza onse, popanda kudzudzula munthu: "Nambala 1 yasunthira pa 16 Okutobala. Izi zikukhudza nambala 2, 3 ndi 6. Mayi Phiri, kodi n'zotheka kusayina pa 17 pomwepo a Banda akangomaliza?"

Pa msonkhano wa pa 21, wapampando akangotsegula, imelo ija ndiyo ajenda yoyamba. Werengani nambala 1 mpaka 6, mwini wake ayankhe kuti yatheka kapena ayi. Imene yatheka ichotseni. Imene sinatheke ilowe pa tsamba latsopano la kope lija, pamzere woyamba, ndi tsiku limene mwini wake watchula yekha.